Anthu akapeza ndalama, bwanji katundu wina amasiya kuyenda?

"Zikomo akatswiri. Ndili ndi golosale pa boma pa Nkhotakota. Anthu akagulitsa mpunga kapena akawakwezera malipiro, buledi, majarini ndi mafuta a m'botolo sizichedwa kutha, koma soya wa m'mapaketi ndi mafuta oyeza zimangokhala, pomwe mchere suona kusintha. Mwana wanga amene akuphunzira za chuma ku koleji akuti katundu wina ndi nomo, wina infiriya, wina lakishale, koma ine sindikumva bwino. Kodi ndikuoda zinthu zolakwika? Ndidziwa bwanji choti ndiwonjezere ndi choti ndichepetse?" Mayi wa golosale, Nkhotakota.

Mayi, mtima ukhale pansi, simukuoda zolakwika ayi, ndipo palibe amene wakulandani makasitomala. Munthu akapeza ndalama zochulukirapo sawonjezera chilichonse mofanana. Zina amawonjezera kwambiri, zina pang'ono chabe, zina amazisiya n'kupita ku zimene ankazilakalaka kale koma thumba linkakana. Akatswiri a za chuma ali ndi nambala imodzi yoyezera khalidwe limeneli, ndipo mukaigwira bwino idzakuthandizani pa tsiku lokaoda.

Nambalayo imayankha funso ili: ndalama za wogula zikakwera ndi 1 peresenti, katundu amene amagula amasintha ndi maperesenti angati? M'mabuku a mwana wanu yalembedwa chonchi:

```
YED = %ΔQd / %ΔY
```

Pamwamba pali kusintha kwa kuchuluka kwa katundu wogulidwa, pansi pali kusintha kwa ndalama zimene munthu amapeza, zonse m'maperesenti. Mawu akuti kuchuluka muwagwire bwino. Tikuwerenga malofu, malita, mapaketi ndi makilogalamu, osati makwacha amene alowa m'kabati.

Tiyeni tipange chitsanzo chongoyerekeza, manambala ake ndi ophunzirira chabe. Banja lina limapeza K200,000 pa mwezi, kenako bambo akwezedwa pantchito ndipo ayamba kulandira K250,000. Ndalama zowonjezera ndi K50,000. Mukagawa 50,000 ndi 200,000 n'kuchulukitsa ndi 100 mupeza 25 peresenti. Tinenenso kuti mitengo ya zinthu sinasunthe, ana sanachuluke, kunalibe ukwati kapena maliro.

Banjali linkagula malita 2 a mafuta ophikira pa mwezi, tsopano likugula malita 2.4. Kukwera kumeneko ndi 20 peresenti, ndipo 20 kugawa ndi 25 ndi 0.8. Shuga anali mapaketi 4, wafika pa 5, kukwera kwa 25 peresenti, nambala yake 1. Buledi anali malofu 8 pa mwezi, tsopano 12. Apa kukwera ndi 50 peresenti, ndipo 50 kugawa ndi 25 ndi 2. Mchere unali paketi imodzi, ukadali paketi imodzi, nambala yake 0. Soya anali mapaketi 20, watsika kufika pa 15, kutsika kwa 25 peresenti, ndiye nambala yake ndi -1.

Mayina atatu aja akuchokera pa manambala amenewa basi. Katundu aliyense amene nambala yake ili pamwamba pa 0, kutanthauza kuti amakwera ndalama zikakwera, ndiye nomo, katundu wotsata ndalama. Mafuta, shuga ndi buledi zonse zili m'gulu limeneli. Koma gululi lili ndi zipinda ziwiri. Amene nambala yake ili pakati pa 0 ndi 1 ndi katundu wofunikira pa moyo wa tsiku ndi tsiku: amakwera inde, koma mochedwa kuyerekeza ndi ndalama, chifukwa ngakhale pa nthawi yovuta banja linkamugulabe. Amene nambala yake yadutsa 1 ndiye lakishale, katundu wa mwanaalirenji, wothamanga kuposa ndalama. Choncho lakishale si mtundu wapadera wotsutsana ndi nomo, ndi nomo yemweyo amene wapitirira 1. Ophunzira ambiri amaphonya pamenepa pa mayeso. Tsono amene nambala yake ili pansi pa 0, ngati soya wa m'chitsanzo chathu, ndiye infiriya, katundu wongogwirizira, amene munthu amadalira poti chimene akufuna sangachikwanitse.

Pali njira ina yozindikirira lakishale popanda kugawa manambala. Onani gawo la ndalama za banja limene likupita ku chinthucho. Ngati gawolo likukula pamene banja likupeza bwino, nambala yake yaposa 1. Ngati akugula zambiri koma gawolo likuchepa, ndi katundu wofunikira. Ernst Engel, katswiri wa ziwerengero wa ku Jeremani, anaonetsa mu 1857 kuti banja likamalemera, gawo la ndalama zopita ku chakudya limatsika ngakhale kuti makwacha ogulira chakudyacho amakwera. Mpaka lero izi zimaoneka m'maiko ambiri, ndipo kwa mwini golosale zili ndi tanthauzo lolemera. Makasitomala anu akapeza ndalama zambiri, gawo lalikulu la ndalama zatsopanozo silifika pa kauntala yanu. Limapita ku malata, simenti, fizi ya ana, foni, njinga yamoto. Mukamva kuti mpunga wagulidwa bwino chaka chino, musaganize kuti malonda a golosale akwera pa mlingo womwewo.

Tsopano pa nkhani imene ndikufuna muikumbukire kuposa zonse. Palibe katundu amene anabadwa ali infiriya kapena lakishale. Dzina limeneli limadalira amene akugula ndi pamene ndalama zake zafika. Soya yemwe uja, kwa banja limene ndiwo zake ndi chigwada ndi masamba a maungu sabata yonse, ndi chinthu chokwera: akapeza kangachepe amathamangira kukagula, ndipo kwa iwo nambala yake ingathe kudutsa 1. Banja lomwelo likafika pogula mazira, nyemba ndi usipa wouma bwino mosavutika, soya amakhala wamba. Likafika pogula chambo ndi nyama ya mbuzi kawirikawiri, soya amayamba kutsika. Chinthu chimodzi chadutsa m'magulu onse atatu m'nyumba imodzi. Buledi nayenso ndi lakishale kwa mlimi wa kumudzi amene m'mawa amadya chinangwa chophika kapena mbatata, koma kwa namwino wa pachipatala amene amagula lofu tsiku lililonse, malipiro akakwera sangayambe kudya malofu awiri. Kwa iye nambala ya buledi ili pafupi ndi 0. N'chifukwa chake mndandanda wa m'buku, wolembedwa poyang'ana anthu a kwina, sungakuuzeni choti muode. Golosale ya pa boma, ya ku Dwangwa kumene ambiri amalandira malipiro a pamwezi ku kampani ya shuga, ndi ya pa doko la asodzi zili ndi manambala osiyana pa katundu yemweyo.

Komanso infiriya sizitanthauza kuti katunduyo ndi woipa. Ufa wa mgaiwa uli ndi zofunika m'thupi zambiri kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola timataya gaga ndi kamtima ka chimanga. Komabe m'mabanja ambiri ndalama zikabwera, mgaiwa umachoka pa mbale n'kubwera ufa woyera. Pa mawerengedwe a za chuma mgaiwa umenewo ndi infiriya, pa za thanzi ndi wopambana. Ndipo musafulumire kuika kondowole m'gulu limeneli chifukwa choti mlendo wochokera ku Lilongwe amamuona ngati chakudya cha njala. Munthu wokulira m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, ngakhale atalemera, amafunabe kondowole ndi nsomba yake. Chimene munthu amachikonda kuchokera pa mtima sasiya chifukwa cha ndalama. Amasiya chokhacho chimene ankadya mokakamizika, ndiponso pokhapokha ngati pali china choti chilowe m'malo mwake. Mchere ulibe cholowa m'malo, ndipo munthu sangathire wochuluka m'ndiwo chifukwa walemera, ndiye umangokhala pa 0.

Mafuta oyeza akuphunzitsa china. Amene wasiya kugula mafuta a m'kapulasitiki tsiku ndi tsiku sanasiye kukazinga ndiwo. Wagula botolo la lita imodzi kapena awiri, chifukwa tsopano ali ndi ndalama yokwanira kulipira kamodzi, ndipo akudziwa kuti pa botolo lita imatsika mtengo. Mafuta monga mafuta ndi nomo, chimene chili infiriya ndi kagulidwe koyeza pang'onopang'ono. Zomwezi zimachitika ndi shuga woyeza m'timapepala, ufa wa m'timajumbo ndi sopo wodula zidutswa. Choncho mukaona chinthu chatsika, funso loyamba likhale lakuti ndalama imene inkapita pamenepo yapita kuti. Siinasowe. Ngati yapita ku botolo limene inu muli nalo, simunataye kanthu. Ngati yapita ku holoselo chifukwa inu mulibe mabotolo akuluakulu, kapena kwa wogulitsa mazira wa pafupi nanu, pamenepo ndiye pali ntchito yoti mugwire.

Kuyeza nambala imeneyi pa golosale yanu n'kotheka, koma pali misampha imene imanamiza anthu ambiri, ndipo waukulu ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Chilinganizo chija chimafuna ndalama zenizeni, kutanthauza zimene ndalamazo zingagule, osati manambala a pa pepala la malipiro. Mukukumbukira mu Novembala 2023 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kulumpha. Tiyerekeze kuti munthu wamukwezera malipiro ndi 20 peresenti koma zinthu zakwera ndi 30 peresenti. Gawani 120 ndi 130, mupeza 0.92. Munthuyu wasauka ndi pafupifupi 8 peresenti ngakhale akulandira makwacha ochuluka. Ngati buledi ali ndi nambala 2, adzatsika ndi pafupifupi 16 peresenti, ndipo soya adzakwera ndi pafupifupi 8 peresenti. Wamalonda wosadziwa izi amaona malipiro akwera, buledi watsika, soya wakwera, n'kuganiza kuti buledi ndi infiriya ndipo soya ndi nomo. Zonse wazitembenuza. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ndalama zolowa m'kabati zikukwera, koma makatoni amene mukuoda akuchepa, ndipo anthu amene ankagula botolo abwerera ku mafuta oyeza.

Msampha wachiwiri ndi mtengo wa chinthu chomwecho kapena wa chinzake chopikisana nacho. Kumeneko ndi kuyeza kwina, kwa mtengo, osati kwa ndalama za wogula. Usipa ukaphedwa wambiri n'kutchipa pa msika, soya amaima, ngakhale palibe amene walemera. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, asodzi n'kulephera kulowa m'nyanja, nsomba zimadula ndipo soya amayendanso. Pa nthawi ya mwerayo zinthu ziwiri zimachitika pamodzi: nsomba zadula, komanso mabanja a asodzi ndi alovi awo alibe ndalama. Mwezi wotere si woyezera, chifukwa simungasiyanitse chimene chakweza soya.

Wachitatu ndi wa kwanu kwenikweni kumeneko. Mpunga ndi chakudya chimene anthu ambiri m'Malawi amawonjezera akapeza ndalama. Koma mu Meyi ndi Juni, alimi a ku sikimu ya Bua ndi m'madambo ena akakolola, mpunga wa m'golosale umaima pa nthawi yomwe ndalama zachuluka. Sikuti wasanduka infiriya. Anthu akudya mpunga wochuluka kuposa kale, kungoti ndi wa m'nyumba mwawo. Chimanga ndi ufa zimachitanso chimodzimodzi: zimagulidwa kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, pamene ndalama zili zosowa. Buku la golosale limalemba zimene anthu agula kwa inu, silidziwa zimene adya. Ndipo musaiwale mwezi wa Ramadani ndi Idi, Khirisimasi, ndiponso sabata yotsegulira sukulu. Shuga, mpunga, mafuta ndi zakumwa zimathamanga pa zikondwerero chifukwa cha mwambo, pomwe pa nthawi ya fizi anthu amamana golosale ngakhale ali ndi ndalama m'manja.

Ndiye muchite chonchi. Musafunse makasitomala kuti amalandira zingati, sangakuuzeni zoona ndipo ena angakhumudwe. Gwiritsani ntchito buku la ngongole ndi buku looda, zimene muli nazo kale. Sankhani katundu wosapitirira khumi amene amadya mpamba wanu wambiri, ndipo pa aliyense muzilemba kuchuluka kumene kwatuluka pa sabata, pamodzi ndi mtengo umene munagulitsira. Gawani makasitomala okhazikika m'magulu awiri kapena atatu monga mukuwadziwira: olandira pamwezi, alimi, ndi a kunyanja. Kenako yerekezani mabanja a kukula kofanana m'mwezi umodzi womwewo, lina lopezako bwino, lina lovutikirapo. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kuyerekeza miyezi iwiri, chifukwa onse akugula pa mitengo imodzi, nyengo imodzi. Ngati banja la anthu asanu lopeza bwino limatenga buledi wochuluka katatu kuposa banja la anthu asanu limene limapeza theka la ndalama zawo, buledi ndi lakishale pakati pa makasitomala anu. Ngati lopeza bwinolo silitenga n'komwe mafuta oyeza, mwadziwa gulu lake. Simukufunika nambala yeniyeni mpaka kadontho. Kudziwa kuti chinthu chili pansi pa 0, pakati pa 0 ndi 1, kapena pamwamba pa 1 n'kokwanira kuodera.

Za sabata ya malipiro ndinenepo pang'ono. Kuthamanga kwa katundu pa 27 kapena pa 30 si umboni wakuti anthu alemera. Malipiro ndi omwe aja, angofika tsiku limodzi. Munthu amagula botolo la mafuta kumapeto kwa mwezi, likatha pakati pa mwezi amabwerera ku oyeza. Zimenezi zimakuuzani tsiku loti katundu akhale pa shelefu, koma kuti muyeze nambala yathu ija muwerenge mwezi wathunthu.

Mukadziwa magulu, kuoda kumakhala kuchulukitsa chabe. Tibwerere ku manambala athu ophunzirira. Mukuyembekeza kuti m'miyezi yokolola makasitomala anu alimi akhala ndi ndalama zenizeni zoposa za masiku ena ndi 30 peresenti. Buledi wa nambala 2 akwera ndi 60 peresenti, ndiye ngati mumatenga malofu 20 pa tsiku mungafike pa 32. Mafuta a nambala 0.8 akwera ndi 24 peresenti. Soya wa -1 atsika ndi 30 peresenti: mabelo 10 akhale 7. Mchere musausinthe. Koma ine ndingakulangizeni kuti pa katundu wowonongeka msanga monga buledi muyambe ndi theka la chiwonjezerocho, malofu 26, muone masiku atatu kapena anayi, kenako mukwere. Kutentha kwa kunyanja sikuchedwa kuchititsa nkhungu buledi, ndipo lofu limodzi lotayika limadya phindu la malofu angapo ogulitsidwa.

Choopsa chachikulu cha lakishale n'chakuti amatsika ndi liwiro lomwe anakwerera. Ndalama zenizeni zikatsika ndi 20 peresenti, katundu wa nambala 2 amagwa ndi pafupifupi 40 peresenti. Majarini, mabisiketi, juwisi, mafuta odzola odula, zonsezi mukazidzaza mu Julayi n'kutsala nazo mpaka Disembala, mpamba wanu wagona pa shelefu pa nthawi imene mukuufuna kuti mugule ufa, soya ndi mafuta oyeza, ndipo zina zidzafika tsiku lake lothera ntchito musanazigulitse. Chotero lakishale muziodako pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo muyambe kuchepetsa ndalama za zokolola zisanathe, osadikira kuti shelefu ikuuzeni. Soya ndi mafuta oyeza musazichotse. Ndi zimene zimasunga golosale m'miyezi ya njala, pamene katundu wina yense wagwa, ndipo kasitomala amene munamuthandiza ndi kapulasitiki ka mafuta mu Febuluwale ndi yemweyo adzagule botolo mu Juni.

Palinso kusiyana pakati pa ndalama yobwera kamodzi ndi yokhazikika. Mlimi amene wagulitsa matumba a mpunga amadziwa kuti ndalamayo iyenera kumufikitsa chaka chamawa, ndiye yambiri amaika pa zinthu zokhalitsa, ndipo kadyedwe kake kamasintha kwa masabata ochepa. Mphunzitsi amene wakwezedwa giredi amasintha kadyedwe mpaka kalekale. Pa 30 peresenti yomweyo, golosale imapindula kwambiri ndi wachiwiriyu.

Kwa mwana wanu, kamfundo ka pa mayeso. Akawerenga chitsanzo chathu chobwerera m'mbuyo, kuchoka pa K250,000 kufika pa K200,000, apeza kutsika kwa 20 peresenti, buledi kuchoka pa 12 kufika pa 8 kutsika kwa 33 peresenti, nambala n'kukhala pafupifupi 1.7 osati 2. Sanalakwitse, kungoti poyambira pasintha. Pofuna yankho limodzi mbali zonse, amagawa ndi nambala ya pakati: 4 kugawa ndi 10 ndi 40 peresenti, 50,000 kugawa ndi 225,000 ndi 22.2 peresenti, ndipo yankho ndi 1.8. Aonetsetse njira imene funso lapempha, komanso asaiwale chizindikiro cha kuchotsera, chifukwa pa nambala imeneyi chizindikirocho ndicho chimasiyanitsa nomo ndi infiriya.

Pa kuoda kwa sabata ndi sabata, buku lanu ndi maso anu n'zokwanira. Koma ngati mukuganiza zotenga ngongole kuti mugule filiji yogulitsira zakumwa, soseji ndi nkhuku, dziwani kuti mukuika mpamba pa katundu wa nambala yoposa 1, pomwe ngongole imafuna kubwezedwa mofanana mwezi uliwonse, wa zokolola ndi wa njala womwe. Musanasaine, tengani zolemba zanu za miyezi 12 yathunthu mupite nazo kwa wodziwa kuwerengera ndalama za bizinesi kapena kwa mlangizi wa zamalonda ku khonsolo ya boma, akuthandizeni kuona ngati phindu la mwezi woipitsitsa lingakwanitse kubweza. Mwana wanu angakupezereninso ziwerengero za kukwera kwa mitengo zimene ofesi ya NSO ya ku Zomba imatulutsa mwezi uliwonse, kuti muzichotsera poyerekeza chaka chino ndi chatha. Ndipo mukaona kuti katundu wa magulu onse atatu akutsika nthawi imodzi kwa miyezi iwiri kapena itatu, mpaka mchere womwe, vuto silili m'matumba a makasitomala. Pamenepo yenderani mitengo ya anzanu oyandikana nawo, muwerengenso katundu wa m'sitolo kuti muone ngati akugwirizana ndi buku.